Unyolo wa zizindikiro > ndi <: kusiyanitsa choona ndithu, chotheka ndi chosatheka

Loweruka ndimaphunzitsa masamu ku Chilomoni, ndipo amene amabwera si ana a sukulu okha. Ena ndi a Fomu 4 okonzekera MSCE, ena ndi akuluakulu oti aitanidwa kukalemba mayeso oyesa kaganizidwe asanalembedwe ntchito. Pali funso limodzi limene magulu onsewa amabwera nalo mobwerezabwereza, ndiye ndaganiza zolilemba pano kamodzi kuti aliyense aziwerenga pa nthawi yake.

Funsolo limakhala chonchi. Mwapatsidwa mzere wa zilembo zolumikizidwa ndi zizindikiro, monga `A ≥ B > C = D ≤ E`. Mzere umenewu ine ndimautcha unyolo. Pansi pake pali mfundo zingapo, monga `A > D` kapena `B > E`, ndipo akufuna munene ngati mfundoyo ili yoona ndithu, kapena yotheka chabe, kapena yosatheka. Ambiri amene amakanika pano si kuti sadziwa tanthauzo la zizindikiro. Amayang'ana unyolo wonse nthawi imodzi n'kuyankha momwe maso awauzira, ndipo maso amanama kwambiri pa funso la mtundu umenewu.

Njira yonse imene ndikupatseni yatsamira pa chinthu chimodzi. Mukatenga manambala awiri aliwonse, pali zinthu zitatu zokha zimene zingachitike: woyamba ndi wamkulu, kapena ndi ofanana, kapena woyamba ndi wamng'ono. Chachinayi palibe, ndipo ziwiri sizingachitike pamodzi. Zizindikiro zenizeni ndi zitatu zomwezo, `>` ndi `=` ndi `<`. Chizindikiro cha `=` anachiyambitsa Robert Recorde mu 1557, ndipo `>` ndi `<` zinaonekera koyamba mu 1631 m'zolemba za Thomas Harriot. Koma `≥` si chinthu chachinayi ayi. Ndi ziwiri mwa zitatu zija zolembedwa pamodzi, kutanthauza kuti "wamkulu kapena wofanana, sitinadziwe kuti ndi chiti". Ntchito ya unyolo ndi kufufuta zina mwa zitatuzo. Ntchito yanu ndi kuona zimene zatsala.

1. Masulirani zizindikiro musanawerenge mfundo iliyonse

Mapepala ena amakupatsani zizindikiro zodziwika kale, ndiye gawo ili mulidumphe. Ena amabisa: amalemba `P @ Q` kapena `P # Q` n'kufotokoza m'mawu tanthauzo lake, ndipo nthawi zambiri amafotokoza mokana. Musayese kumasulira m'mutu. Lembani zitatu zija pambali, `> = <`, n'kufufuta chimene mawuwo akana.

Akati "P si wamng'ono kuposa Q", mwafufuta `<` yekha, ndiye kwatsala `>` ndi `=`, kutanthauza `P ≥ Q`. Pano ndi pamene anthu ambiri amagwa, chifukwa khutu likamva "si wamng'ono" limathamangira kunena "ndiye ndi wamkulu" n'kuiwala kuti angakhale ofanana. Akati "P si wamkulu kuposa Q, komanso si wofanana naye", mwafufuta ziwiri, ndipo kwatsala `P < Q`. Akati "si wamkulu komanso si wamng'ono", ndiye `P = Q`.

Lembani kamndandanda ka matanthauzowa pamwamba pa pepala kamodzi kokha, kenako lembaninso funso lonse m'zizindikiro wamba. Kumasulira chizindikiro chimodzichimodzi uku mukuyankha kumadya nthawi yambiri kuposa kulembanso.

2. Tengani zilembo ziwiri za m'mfundo, n'kulemba njira ya pakati pa izo

Mfundo iliyonse imakamba za zilembo ziwiri basi. Ikani chala pa choyamba, chala china pa chachiwiri, ndipo lembani zimene zili pakati pa zalazo. Zonse za kunja kwa zala zisiyeni kaye. Mu unyolo wathu uja, mfundo ya `A > D` ikufuna gawo la `A ≥ B > C = D` lokha. Chizindikiro cha `≤ E` chili kunja, ndipo sichikukhudza kanthu, ngakhale chikuoneka ngati chikusokoneza.

Nthawi zina zilembo ziwirizo zimakhala m'mizere yosiyana. Zikatero, funani chilembo chopezeka m'mizere yonse iwiri n'kulumikizira pamenepo. Tinene kuti mwapatsidwa izi:

```
T > U ≥ V
W < V
```

Cholumikizira ndi V. Kuti W abwere kumapeto kwa mzere woyamba, mzere wachiwiri uyenera kutembenuzidwa, ndipo mukatembenuza zilembo, chizindikiro nachonso chimatembenuka: `W < V` amasanduka `V > W`. Unyolo wonse ndiye `T > U ≥ V > W`. Kuti mudziwe ngati mwatembenuza bwino, onani kukamwa kwa chizindikiro. Ngati poyamba kunali koyasamira V, kuyenera kuyasamirabe V yemweyo. Amene amalakwa pano amasuntha zilembo n'kusiya chizindikiro momwe chinalili, ndipo kuyambira pamenepo zonse zimakhala zolakwika ngakhale atsatire bwino magawo otsalawo.

Lembani njirayo kuyambira pa chilembo chimene chili kumanzere m'mfundo. Ngati mfundo ndi `W < T`, yambirani pa W. Mukatero simuyenera kutembenuzanso yankho kumapeto, pamene mutu watopa kale.

3. Yendani m'njirayo muone zimene zatsala

Chizindikiro cha `=` sichisintha kanthu, mungochidutsa. Zinazo ziyang'aneni mbali imene zaloza.

Ngati zonse zaloza mbali imodzi, njira ndi yosathyoka, ndipo pali funso limodzi lofunsa: kodi pali `>` ngakhale mmodzi wopanda kamzere pansi? Ngati alipo, yankho ndi `>`. Mu `A ≥ B > C = D`, A akachepetsetsa amangofanana ndi B, koma B waposa kale C, ndiye palibe njira yoti A atsike kufika pa D. Mpata umodzi wotsimikizika ndi wokwanira, kaya uli koyambirira, pakati kapena kumapeto. Koma ngati njira yonse ili ndi `≥` ndi `=` zokhazokha, yankho ndi `≥`, chifukwa n'zotheka kuti zilembo zonsezo ndi nambala imodzi. Kumbali ya `<` ndi `≤` lamulo ndi lomwelo.

Ngati zizindikiro zaloza mbali zosiyana, njira yathyoka. Zimachitika m'mitundu iwiri, `A > B < C` ndi `A < B > C`. Mukaima ku Chichiri n'kuyang'ana phiri la Soche ndi la Ndirande, mukudziwa kuti onse awiri ali pamwamba kuposa pamene mwaimapo, koma kudziwa zimenezo sikukuuzani kuti lalitali ndi liti. Ndi momwe alili B mu `A > B < C`. A wamuposa, C wamuposa, ndipo za A ndi C sitinauzidwe kalikonse. Kamzere ka pansi sikapulumutsa: `A ≥ B ≤ C` ndi njira yothyoka chimodzimodzi, ndipo sikutanthauza kuti A ndi C ndi ofanana.

Mukafika kumapeto kwa njira, lembani zotsalazo pambali pa mfundo, osangozisunga m'mutu:

```
A > C       chatsala   >
A ≥ C       zatsala    >  =
A = C       chatsala   =
A ≤ C       zatsala    <  =
A < C       chatsala   <
yothyoka    zatsala    >  =  <
```

4. Yerekezani zotsala ndi zimene mfundo ikulola

Malangizo ambiri amathera pa gawo lachitatu, ngati kuti munthu akapeza chizindikiro cha pakati pa A ndi C ndiye kuti wamaliza. Komatu apa m'pamene mamalikisi amatayikira. Mfundo nayo ndi mndandanda wa zina mwa zitatu zija. Mfundo ya `A > C` ikulola chimodzi, mfundo ya `A ≤ C` ikulola ziwiri. Ndiye muli ndi mindandanda iwiri, wa zotsala ndi wa zimene mfundo ikulola, ndipo chigamulo chimachokera pa kuiyerekeza.

Ngati chilichonse chotsala chikuloledwa ndi mfundo, mfundoyo ndi yoona ndithu. Ngati palibe chotsala n'chimodzi chomwe chimene mfundo ikulola, ndi yosatheka. Ngati zina zikuloledwa koma zina ayi, ndi yotheka: ingakhale yoona, ingakhale yabodza, ndipo unyolo sunagamule.

Tiyese ndi `A ≥ B ≥ C`. Zatsala `>` ndi `=`. Mfundo ya `A ≥ C` ikulola zonse ziwiri, ndiye ndi yoona ndithu. Mfundo ya `A > C` ikulola chimodzi n'kusiya `=` panja, ndiye ndi yotheka chabe. Mfundo ya `A = C` nayonso ndi yotheka chabe. Mfundo ya `A < C` ikulola chinthu chimene chinafufutidwa kale, ndiye ndi yosatheka. Nanga `A ≤ C`? Ambiri amaiponya msanga m'gulu la zosatheka chifukwa chizindikiro chaloza kwina. Koma mfundoyi ikulola `<` ndi `=`, ndipo `=` akadalipo pa zotsala. Zilembo zonse zitatu zikakhala 4, `A ≤ C` ndi zoona. Ndiye ndi yotheka.

Mtsikana wina wa ku Chirimba anakana zimenezi m'kalasi. Anali atalemba `A ≥ C` bwinobwino m'kope lake, n'kuchonga `A > C` kuti ndi yoona. Ndinamufunsa chifukwa chake, ndipo anaika nsonga ya pensulo pa chizindikirocho n'kunena kuti, "Aphunzitsi, si uyu `>` ali momwemu? Angomuwonjezera kamzere." Ndinamuuza kuti, "Lemba 7 pansi pa A, 7 pansi pa B, 7 pansi pa C. Tsopano werenga unyolo mokweza." Anawerenga, sunasweke paliponse. "Werenganso mfundo yako." Anayamba, "7 ndi wamkulu kuposa..." n'kuima, kenako anatenga labala. Kamzereko sikawonjezera mphamvu ya chizindikiro, kamachepetsa zimene tikudziwa. Wonena kuti `A > C` watsimikiza zambiri kuposa wonena kuti `A ≥ C`, ndipo simungatulutse chitsimikizo chachikulu m'chaching'ono.

Kumbali inayo n'kotheka, ndipo pano pafunika kusamala. Unyolo ukakupatsani `A > C`, kodi mfundo ya `A ≥ C` ndi yotani? Chatsala ndi `>` yekha, ndipo mfundo ikumulola. M'masamu ndi yoona ndithu: `9 ≥ 5` ndi zoona, chifukwa mawu akuti "kapena" amakhutira mbali imodzi ikakwaniritsidwa. Koma mabuku ena okonzekera mayeso a ntchito amaiwerenga kuti siitsatira, chifukwa amafuna mfundo ifanane ndendende ndi chizindikiro chimene chatuluka mu unyolo. Maganizo anga ndi akuti mabukuwo akulakwitsa, ndipo wa MSCE asawatsatire konse. Kwa inu amene mukukalemba mayeso a ntchito, ngati mwapatsidwa mafunso achitsanzo okhala ndi mayankho, funani funso lotere muone momwe aliyankhira. Ngati palibe chokutsogolerani, tsatirani masamu.

Chomaliza pa gawo ili, werengani bwino chimene funso lafunsa. Likafunsa kuti ndi mfundo iti imene ikutsatira, yotheka ndi yosatheka zonse zimakanidwa limodzi. Likafunsa kuti ndi iti imene ili yabodza ndithu, yotheka si yankho, ngakhale ikuoneka yokayikitsa bwanji. Kusatsimikizika si bodza. Njira ikathyoka, `A > C` ndi yotheka, `A = C` ndi yotheka, `A < C` ndi yotheka, ndipo palibe imodzi mwa izo imene mungaitche yabodza ndithu.

5. Musananene kuti "sizikudziwika", funani njira yachiwiri

Kuthyoka kwa njira imodzi kumangotanthauza kuti njira imeneyo sinafufute kanthu. Ina ikhoza kufufuta. Onani izi:

```
A > B < C
C ≤ D < A
```

Mfundo ndi `A > C`. Maso amagwera pa mzere woyamba, pamene A ndi C ali pafupi, amaona kuthyoka pa B, ndipo dzanja limalemba "yotheka". Koma mzere wachiwiri ulinso ndi A ndi C, ndipo mukauwerenga kuyambira pa A ukuti `A > D ≥ C`. Njira imeneyi ndi yosathyoka ndipo ili ndi `>` wopanda kamzere. Mfundoyo ndi yoona ndithu. Chizindikiro chokuchenjezani n'chosavuta kuona: mizere iwiri ikagawana zilembo ziwiri kapena kuposa, osati chimodzi, ndiye kuti pali njira yoposa imodzi.

Njira zikakhala ziwiri, zotsala zenizeni ndi zimene zapulumuka m'njira zonse ziwiri. Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi ichi:

```
X ≥ Y ≥ Z
Z ≥ X
```

Mzere woyamba wasiya `>` ndi `=` pakati pa X ndi Z. Wachiwiri, ukawerengedwa kuyambira pa X, ukuti `X ≤ Z`, ndiye wasiya `<` ndi `=`. Chopezeka konsekonse ndi `=` yekha. Motero `X = Z` ndi yoona ndithu, ngakhale chizindikiro cha `=` sichinalembedwe paliponse m'funsolo, ndipo `X > Z`, imene mzere woyamba pawokha ukanailola, ndi yosatheka. Y nayenso wapanikizika pakati, ndiye onse atatu ndi ofanana.

Palinso njira yobisika imene imabwera manambala akalowa mu unyolo. Mukapatsidwa `x > 5` ndi `y < 3`, palibe chilembo chogawana, koma mukudziwa kale kuti 5 ndi wamkulu kuposa 3, ndiye unyolo ulipo: `x > 5 > 3 > y`. Sinthanitsani manambalawo, `x > 3` ndi `y < 5`, ndipo unyolo ukukhala `x > 3 < 5 > y`, wothyoka. Apo x angakhale 4 ndipo y 4.5, kapena x 10 ndipo y 1.

Mukatsimikiza kuti njira ina palibe, tsimikizirani "yotheka" ndi manambala. Pafunika zitsanzo ziwiri, chimodzi chimene mfundo ikhala yoona ndi china chimene ikhala yabodza, zonse zosaswa unyolo. Yambirani pa chilembo chimene njira yathyokerapo, mupatseni nambala yapakatikati ngati 5, kenako mangani mbali iliyonse payokha. Chitsanzo chimodzi chokha sichikwanira. Munthu akasankha manambala kamodzi n'kupeza kuti mfundo yagwira, amati ndi yoona ndithu, chonsecho wangoonetsa kuti si yosatheka. Ndipo poyesa `≥`, yesani dala manambala ofanana, chifukwa dzanja likasiyidwa lokha limangolemba 9, 8, 7 motsika, ndipo `=` sayesedwa.

6. Mfundo ziwiri zoyendera limodzi

Mapepala ambiri amakhala ndi yankho lakuti "yoyamba kapena yachiwiri ndi yoona". Yankho limeneli limagwira pakakwaniritsidwa zinthu zitatu: mfundo ziwirizo zikukamba za zilembo ziwiri zomwezo, iliyonse payokha ndi yotheka chabe, ndipo mukaziphatikiza zikulola zotsala zonse.

Zikatsala `>` ndi `=`, mfundo za `A > C` ndi `A = C` zikugawana zotsalazo chimodzichimodzi, ndiye imodzi mwa izo iyenera kukhala yoona. Njira ikathyoka, zotsala ndi zitatu, ndipo mfundo ziwirizo ziyenera kuphimba zonse zitatu. `A > C` ndi `A ≤ C` zikuphimba. `A > C` ndi `A < C` sizikuphimba, chifukwa A ndi C akafanana zonse ziwiri zagwa. Msampha umenewu ndi wofala kwambiri, poti mfundo ziwirizo zimaoneka zotsutsana kotheratu ndipo munthu amaganiza kuti palibe chotsala pakati.

Samalaninso ndi zilembo zofanana. Ngati unyolo wanena kuti `M = N`, mfundo yokamba za P ndi M komanso ina yokamba za P ndi N zikukamba za awiri omwewo, angosintha dzina.

Funso lathunthu, kuyambira poyamba mpaka pomaliza

Matanthauzo ndi awa. `P @ Q`: P si wamng'ono kuposa Q. `P # Q`: P si wamng'ono kuposa Q komanso si wofanana naye. `P $ Q`: P si wamkulu komanso si wamng'ono kuposa Q. `P % Q`: P si wamkulu kuposa Q. `P & Q`: P si wamkulu kuposa Q komanso si wofanana naye. Ndipo mwapatsidwa:

```
K @ L # M $ N % P
R & M
P & S
```

Mukafufuta zokanidwazo, `@` ndi `≥`, `#` ndi `>`, `$` ndi `=`, `%` ndi `≤`, ndipo `&` ndi `<`. Funso lasanduka:

```
K ≥ L > M = N ≤ P
R < M
P < S
```

Mzere wachiwiri ukulumikizana ndi woyamba pa M yekha, wachitatu pa P yekha, ndiye palibe njira yachiwiri paliponse. Zimenezi n'zofunika kuziona poyamba, chifukwa zikutanthauza kuti njira ikathyoka yathyokadi.

Mfundo yoyamba ndi `K > N`. Njira ndi `K ≥ L > M = N`, yosathyoka, ndipo ili ndi `>` pakati pa L ndi M. Chatsala `>`, mfundo ikumulola, ndiye ndi yoona ndithu.

Yachiwiri ndi `L > P`. Njira ndi `L > M = N ≤ P`. Mukadutsa `=` mukuona kuti `>` ndi `≤` zaloza mbali zosiyana. Apa `=` ndi amene amabisa kuthyoka, chifukwa waima pakati pa zizindikiro ziwiri zotsutsanazo ndipo sizioneka moyandikana. Zatsala zonse zitatu. Tiyese manambala. M ndi N akhale 5, R akhale 2, K ndi L akhale 8. P akakhala 6 ndipo S 7, unyolo wonse uli bwino ndipo L waposa P. P akakhala 9 ndipo S 10, unyolo ukadali bwino koma L wachepa. Mfundoyi ndi yotheka.

Yachitatu ndi `R ≥ P`. Kuyambira pa R, njira ndi `R < M = N ≤ P`. Apa simulumikiza kumapeto kwa mzere koma pakati, ndipo K ndi L atsala kunja. Njira ndi yosathyoka, ili ndi `<` wopanda kamzere, ndiye chatsala `<`. Mfundo ikulola `>` ndi `=`, zonse zofufutidwa. Ndi yosatheka.

Yachinayi ndi yachisanu zabwera limodzi: `P > M` ndi `P = N`. Kuyambira pa P, `P ≥ N = M`, ndiye zatsala `>` ndi `=`. Iliyonse payokha ndi yotheka chabe. Koma M ndi N ndi nambala imodzi, ndipo mfundo ziwirizi zagawana zotsala zonse, ndiye yankho ndi lakuti imodzi mwa izo ndi yoona.

Yachisanu ndi chimodzi ndi `S ≤ L`. Njira ndi yaitali, `S > P ≥ N = M < L`, ndipo yathyoka pa M. Manambala athu aja akwanira kale: S ali 7 ndipo L ali 8, mfundo ndi yoona, koma S ali 10 ndipo L ali 8, ndi yabodza. Yotheka. Ikanabwera pamodzi ndi `S > L`, ziwirizo zikanaphimba zonse zitatu.

Pamene njirayi imalekera

Chizindikiro cha `≠` chimafufuta `=` yekha, ndipo sichiyenda mu unyolo. Mu `A ≠ B ≠ C`, A ndi C akhoza kufanana, monga 3, 6, 3. Chimathandiza chikakhudza zilembo ziwiri zomwezo zimene mukudziwa kale kanthu za izo: `A ≥ B` pamodzi ndi `A ≠ B` zimasiya `A > B`.

Funso likanena kuti zilembo ndi manambala athunthu, zotheka zimachepa. Pa `3 < x < 5`, mfundo ya `x = 4` ndi yotheka chabe ngati x angakhale 3.5, koma ndi yoona ndithu ngati x ndi wathunthu. Chiganizo chimenechi chimalembedwa pamwamba pa funso, pamalo amene anthu sawerenga.

Ndipo zonsezi zikukhudza kuyerekeza zilembo momwe zilili. Mfundo ikayamba kuchulukitsa, monga kufunsa ngati `a > b` ikupereka `a² > b²`, kuyenda mu unyolo sikukwaniranso ndipo muyenera kuyesa manambala a pansi pa 0. Tengani a kukhala 1 ndipo b kukhala −3: a ndi wamkulu, koma `a²` ndi 1 pamene `b²` ndi 9. Tengani 3 ndi 1, mfundoyo ikugwira. Ndiye ndi yotheka chabe, pokhapokha funso litanena kuti manambala onse ali pamwamba pa 0, ndipo likatero imakhala yoona ndithu.